Mwendo umodzi ukatupa pambuyo pa ulendo wa basi, musausisite

"Adokotala, amayi anga a zaka 61 afika kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, sabata yatha kuchokera ku Blantyre pa basi. Ananyamuka m'mamawa n'kufika usiku. Asananyamuke anagona masiku asanu ndi malungo. Atafika miyendo yonse inali yotupa. Wakumanja unaphwa, koma wakumanzere ukungotupirabe, ndipo katumba akuwapweteka akamaponda. Tikumawathowa ndi madzi otentha n'kuwasisita ndi mafuta. Iwo akuti n'kutopa chabe, moti Lamlungu akufuna kubwerera kumudzi. Tidikire kaye kapena?" Mayi wa ku Mufakose.

Mayi, musadikire. Apititseni amayiwo kuchipatala lero lomwe, ndipo kuthowa ndi kusisita kuja lekani kuyambira pano. Sindinawaone, choncho sindingalamule kuti vuto ndi lakuti, koma zimene mwafotokozazi ndi zimene ife kuchipatala timayamba taganizira kuti magazi aundana mu mtsempha wa mkati mwa mwendo, mpaka sikani itatitsutsa. Pa khadi mudzaona adokotala atalemba kuti DVT. Ulendo wa Lamlungu uimitseni kaye.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi chakuti mwendo umodzi unaphwa, wina ayi. Aliyense amene anatsikapo basi pa Roadport kapena pa Mbare Musika atakhala tsiku lathunthu pampando amakudziwa kutupa kwa paulendo. Mapazi onse awiri amafufuma, nsapato imathina, sokosi imasiya mzere pa kakolo. Amenewo ndi madzi chabe amene atsikira kumapazi. Sikupweteka kwenikweni, ndipo munthu akagona usiku umodzi kapena uwiri miyendo ili pa pilo, kumatha. Kutupa kwa magazi oundana n'kosiyana. Kawirikawiri kumagwira mwendo umodzi, sikuphwa ndi tulo, ndipo kumaonjezereka tsiku ndi tsiku. Katumba amalemera, amalimba, amawawa ngati mnofu wakokana koma osamasuka. Nthawi zina khungu limafunda kuposa la mwendo winawo, ndipo pa khungu lathu lakudali kufiira sikuoneka bwino, mumangoona kuti pada kwambiri kapena pakunyezimira. Komanso sikuti kumayamba tsiku lofika lomwelo. Kukhoza kutulukira patapita masiku angapo ngakhale masabata, munthu ataiwala kale za ulendowo, n'chifukwa chake ambiri salumikiza ziwirizi.

Magazi akatsika kumiyendo amayenera kukweranso kubwerera kumtima, ndipo mtima pawokha sukwanitsa kuwakweza. Amene amagwira ntchito imeneyi ndi katumba. Munthu akamayenda, mnofu umenewu umafinya mitsempha imene yadutsa mkati mwake n'kukankhira magazi m'mwamba, ndipo timavavu ta m'mitsemphamo timawatsekera kuti asabwerere pansi. Zili ngati mjigo wa pachitsime: popanda woupopa madzi sakwera. Munthu akakhala pampando maola ambiri bondo litapindika, kapena akagona pabedi masiku angapo osadzuka, palibe akupopa. Magazi amayenda pang'onopang'ono, ndipo magazi oima amayamba kugwirana. Kachibuluma kamayambira m'katumba, kenako kakhoza kukula kukwera kuseri kwa bondo mpaka m'ntchafu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2007 kuti ulendo wokhala pansi wopitirira maola anayi, kaya ndi wa ndege, basi, sitima kapena galimoto, umachulukitsa chiopsezo chimenechi pafupifupi kawiri. Kwa munthu wathanzi chiopsezocho chimakhalabe chochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa 6,000 alionse, ndiye musaope kuti aliyense wokwera basi ya ku Malawi kapena ya ku Joni adwala. Vuto limabwera ulendowo ukakumana ndi zinthu zina, ndipo kwa amayi anu zakumana zingapo. Anagona masiku asanu. Matenda otentha thupi amaumitsa madzi m'thupi ndipo amachititsa magazi kufulumira kuundana. Zaka zapitirira 60. Pamwamba pa izo anakwera basi ya njira ya ku Tete, imene tonse tikuidziwa: kuima pa Mwanza ndi pa Zobue, kutentha kwa ku chigwa cha Zambezi, kudikira pa Nyamapanda, kenako mtunda wodutsa Mutoko ndi Murehwa usiku. Ndikudziwanso mmene amayi athu amayendera. Thumba la mpunga ndi la usipa amaliika kumapazi kuti lisasowe, miyendo n'kukhala yopanikizika ulendo wonse, ndipo madzi samwa dala poopa kuvutika ndi chimbudzi panjira. Pa boda ena amatsika kukadinditsa pasipoti n'kubwerera msanga pampando kukayang'anira katundu. Kuyenda konse kwa tsikulo kumathera pomwepo.

Pali kayezedwe kamodzi kamene mungachite pakhomo mukuyembekezera galimoto, ndipo kamamuthandiza dokotala. Tengani tepi ya telala. Pansi pa bondo, kutsogolo, pali kafupa kotumphuka pamene msongolo umayambira. Kuchokera pamenepo yezani masentimita 10 kutsika, ikani kadontho ka bolopeni, ndipo chitani chimodzimodzi mwendo winawo. Zungulizani tepiyo pa kadonthoko osakoka mwamphamvu, n'kulemba manambala onse awiri. Tiyerekeze kuti wakumanja mwapeza 36, wakumanzere 40. Kusiyana kwa masentimita opitirira atatu ndi chizindikiro chimene timachiwerengera. Kenako dinikizani chala pang'ono pamwamba pa msongolo kwa kamphindi n'kuchotsa. Ngati pakutsala kadzenje kumwendo wodwalawo koma kwinako ayi, nachonso chilembeni. Katumba yekhayo musamufinye poyesa kuona ngati akupweteka. Ndipo ngati tepi yasonyeza kusiyana kochepa, chimenecho si chilolezo chokhala pakhomo, chifukwa magazi amatha kuundana mwendo usanatupe kwambiri.

Kuchipatala timagwiritsa ntchito kawerengedwe ka mapointi kotchedwa Wells, dzina la dokotala wa ku Canada amene anakakonza. Tikawerengera amayi anu zikhala motere: kugona pabedi masiku atatu kapena kuposerapo posachedwapa, pointi imodzi. Katumba wokula kuposa mnzake ndi masentimita opitirira atatu, imodzi. Kupweteka motsata njira ya mtsempha, imodzi. Kadzenje ka chala kumwendo umodzi, imodzinso. Dokotala akaona kuti pali matenda ena amene akufotokoza bwino kutupako, amachotsapo mapointi awiri. Munthu akatsala ndi awiri kapena kuposa, timati mwayi woti magazi aundana ndi waukulu ndipo ayenera kujambulidwa. Onani kuti ulendo wa basi sitinauwerengere n'komwe, chifukwa suli pa mndandandawo, koma amayi afika kale pa mlingo wofunika sikani. Masiku asanu a pamphasa aja akulemera kuposa ulendowo. Ichi ndimafuna mabanja achimvetse, chifukwa wodwala amene wagona kunyumba ndi chibayo, sitiroko, kapena wangotuluka ku opaleshoni ali pa chiopsezo chachikulu kuposa wapaulendo, koma palibe amamuyang'ana miyendo.

Tsopano chifukwa chimene ndikukanira kusisita. Choopsa chachikulu cha matendawa sichili kumwendo ayi. Chibuluma chija chikathothoka chimayenda ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Pamenepo munthu akhoza kumwalira m'mphindi zochepa. Dzanja limene likukanda katumba mwachikondi likhoza kuthandiza kuchithothola. Madzi otentha sasungunula magazi oundana, mafuta opaka salowa kukafika mu mtsempha, ndipo kutemera mphini kumangotsegula njira ya majeremusi pa mwendo umene magazi sakuyenda bwino kale, n'kudzavutanso kusiya kukha magazi akayamba mankhwala. Ndikudziwa kuti munachita zimene tonse tinaphunzira kwa makolo pa mwendo wotopa, ndipo palibe chifukwa chodziimbira mlandu. Ingolekani basi.

Zizindikiro zakuti chibuluma chafika kumapapo muzidziwe inu ndi onse a m'nyumbamo, ngakhale ana akuluakulu. Choyamba ndi phuma lobwera mwadzidzidzi, kapena befu pa ntchito yaing'ono imene dzulo amaichita bwinobwino, monga kuchoka kuchipinda kupita kubafa. China ndi kubaya m'chifuwa kapena m'nthiti kumene kumakula akamakoka mpweya. Mtima umathamanga munthu atangokhala, kupitirira ka 100 pa mphindi imodzi. Ena amatsokomola makhololo a magazi, ena amachita chizungulire, kutuluka thukuta lozizira, kapena kukomoka kumene. Chimodzi chokha mwa zimenezi, pa munthu wotupa mwendo umodzi, n'chokwanira. Musadikire kuti kuche, musayambe mwagula mankhwala a chifuwa, musawayendetse wapansi kupita kokwerera kombi. Pezani galimoto kapena ambulansi, akhale motsamira, mulunjike ku dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi ya chipatala chachikulu. Kwa inu a ku Mufakose chapafupi ndi Sally Mugabe, chimene ambiri timachitchabe kuti Gomo, kapenanso Parirenyatwa. Pakhomo penipeni nenani mawu awa: mwendo umodzi watupa, anagona masiku asanu, anayenda tsiku lonse pa basi, tsopano akubanika. Mawu amenewa amasintha malo anu pa mzere.

Chimodzimodzinso mwendo wonse ukatupa mpaka mphechepeche n'kusintha mtundu, kapena phazi likazizira, kuchita dzanzi ndi kuwawa koopsa. Pamenepo mwendo weniweniwo uli pangozi, ndipo ndi nkhani ya maola.

Ngati akupuma bwino, mukhoza kuyambira ku kiliniki ya khonsolo kapena kwa dokotala wapafupi kuti akulembereni kalata yopitira ku chipatala chachikulu, koma zichitike lero. Sikani yake ndi yofanana ndi imene amajambulira amayi oyembekezera, yopaka mafuta oterera pakhungu, ndipo siipweteka. Wojambulayo amadinikiza kachipangizo pa mtsempha wa mphechepeche, wa m'ntchafu ndi wa kuseri kwa bondo. Mtsempha wabwino umaphwatalala ukadinikizidwa, pomwe wokhala ndi chibuluma umakana. Palinso kuyeza magazi kumene pa fomu amalemba D-dimer. Kumeneko kumathandiza pa munthu amene mapointi ake ndi ochepa: zotsatira zikakhala zotsika, timamasuka. Koma kwa munthu wachikulire amene wangodwala kumene malungo, nambala yake imakwera ngakhale popanda chibuluma, ndiye ngati ndalama ndi zoperewera, ndingakonde zipite ku sikani. Zikachitika kuti makina kapena wojambula palibe tsiku limenelo, funsani mwaulemu ngati angawayambitse mankhwala oletsa magazi kuundana poyembekezera sikani ya mawa. Ndi mmene malangizo a zachipatala amanenera pa munthu wa mapointi ochuluka. Ndipo sikani yoyamba ikapanda kupeza kanthu koma mwendo ukupitirira kutupa, imabwerezedwa pakatha pafupifupi sabata, chifukwa kachibuluma ka m'katumba kakhoza kubisala poyamba n'kudzaoneka katakwera.

N'zotheka ndithu kuti apeze zina. Matenda a pakhungu olowera pa kabala kapena pa ming'alu ya pakati pa zala amatupitsanso mwendo umodzi, koma amabwera ndi kutentha thupi, khungu lowawa kwambiri ukangolikhudza, ndi mwanabere mphechepeche. Mnofu wong'ambika munthu amakumbukira nthawi imene unachitika, mwina potsika basi ndi katundu. Kwa achikulire a nyamakazi ya m'mawondo, kathumba ka madzi ka kuseri kwa bondo kamatha kuphulika n'kutsikira m'katumba. Zonsezi ngakhale dokotala wozolowera sangazisiyanitse motsimikiza ndi maso ndi manja okha.

Akapeza kuti magazi aundanadi, chithandizo chilipo ndipo chimagwira ntchito bwino. Mankhwala ake anthu amati ndi osungunula magazi, koma kwenikweni amaletsa chibuluma kukula ndi china kupangika, thupi lokha n'kumachotsa chakalecho pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amamwedwa miyezi itatu kapena kuposerapo, ngakhale mwendo utaphwa m'masabata awiri. Asanayambe adzawayeza kuchuluka kwa magazi ndi mmene impso zikugwirira ntchito, zimene n'zofunika kwambiri pambuyo pa malungo.

Njira zofala kuno ndi ziwiri. Yoyamba ndi jakisoni wa heparini kapena enokisaparini, wobaya pakhungu la pamimba molingana ndi sikelo ya wodwala, pamodzi ndi mapiritsi a wafarini. Wafarini amachedwa kugwira, choncho jakisoni amapitirira kwa masiku osachepera asanu, mpaka kuyeza magazi kotchedwa INR kutasonyeza nambala ya pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2 chitetezo n'chochepa, ikakwera kwambiri munthu akhoza kukha magazi. Wafarini ndi wotchipa, koma amafuna kuyezetsa pafupipafupi, makamaka mwezi woyamba. Yachiwiri ndi mapiritsi a rivarokisabani: mamiligalamu 15 kawiri pa tsiku kwa masiku 21, kenako mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku, nthawi zonse pamodzi ndi chakudya. Safuna kuyeza INR koma mtengo wake ndi wokwera. Kwa munthu amene kwawo ndi kumudzi, kutali ndi labu, nkhani imeneyi ikambiranidwe ndi dokotala mosabisa, kuphatikizapo zimene thumba la banja lingakwanitse kwa miyezi itatu yathunthu. Kuyamba mankhwala odula n'kuwasiyira panjira n'koopsa kuposa kumwa otchipa mokhulupirika.

Popita tengani mankhwala onse amene amayi akumwa, ngakhale a zitsamba. Rifampisini wa m'mankhwala a chifuwa chachikulu amafooketsa kwambiri wafarini ndi rivarokisabani yemwe, ndipo ena mwa mankhwala otalikitsa moyo komanso maantibayotiki monga bakitirimu ndi fulajilo amasokoneza wafarini. Pa ululu amwe panado. Bulufeni, dayikilofenaki ndi asipirini azipewe, chifukwa akaphatikizana ndi mankhwalawa amachititsa kukha magazi m'mimba. Asipirini payekhanso sachiza matendawa, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Za ndiwo zamasamba, kwa amene ali pa wafarini: nkhwani, mpiru, chomoliya ndi bonongwe asasiye kudya. Chofunika n'chakuti azidya mlingo wofanana sabata ndi sabata, osati sabata ino mbale yodzaza tsiku lililonse, sabata yamawa osalawa konse, chifukwa vitamini K wa m'masambamo amasuntha nambala ya INR. Akaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, mkodzo wa magazi, kamfuno kosaleka pakatha mphindi khumi, kapena mutu waukulu wachilendo, makamaka atagwa n'kumenyetsa mutu, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo.

Akangoyamba mankhwala asagonenso tsiku lonse. Kale tinkagoneka odwala otere, koma tsopano tikudziwa kuti kuyendayenda pang'ono m'nyumba ndi pabwalo kumathandiza ululu ndi kutupa kutha msanga. Akakhala pansi, mwendo aziuika pa mpando wina.

Muli pomwepo, dziyang'aneninso inuyo ndi ena a m'banjamo amene amayenda maulendo a geni. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi amayi oyembekezera ndi amene sanathe masabata asanu ndi limodzi chiberekereni, makamaka ochira ndi opaleshoni, amene amamwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri, odwala khansa, chifuwa chachikulu kapena amene ali ndi kachilombo ka HIV, onenepa kwambiri, ovala chikhakha kumwendo, ndi aliyense amene magazi anamuundanapo kale kapena anaundanapo m'bale wake wa bere limodzi. Woyembekezera sapatsidwa wafarini kapena rivarokisabani, amakhala pa jakisoni, choncho ngati pali chikaiko cha pakati chinenedwe msanga.

Za kubwerera kumudzi, tsiku alitchule ndi dokotala amene awaone, osati tikiti. Ine odwala anga ndimafuna adutse kaye masabata oyambirira ali pafupi ndi chipatala, mankhwala atakhazikika, ndipo amene ali pa wafarini akhale atapeza INR yabwino kangapo motsatizana. Ponyamuka atenge mankhwala okwanira, kalata yofotokoza matendawo, tsiku limene anayamba ndi limene ayenera kuonedwanso, komanso adziwiretu chipatala chimene azikayezetsa akafika. M'basimo apemphe mpando wa kunjira, katundu apite kubuti kuti miyendo itambasuke. Theka la ola lililonse azikweza zidendene n'kutsitsa, kenako kukweza zala za kumapazi, kakhumi kapena kupitirira, chifukwa zimenezo zimamugwiritsa ntchito katumba ngakhale munthu atakhala. Basi ikaima paliponse atsike ayendeko, pa Nyamapanda ndi pa Zobue aziyendayenda m'malo moima malo amodzi pa mzere, ndipo botolo la madzi alimwe ndithu. Masokosi othina a kuchipatala ofika m'mawondo amathandiza pa ulendo wautali, koma akhale oyezedwa pa mwendo wawo ku famase, ndipo asawapinde pamwamba chifukwa mpindirowo umamanga mwendo ngati chingwe. Ngati ali ndi matenda a shuga kapena magazi safika bwino kumapazi, afunse kaye dokotala asanawagule.